Kuvala Kuntchito Tsiku la Kutentha kwa Chinyezi: Mafunso ndi Mayankho

N'chifukwa chiyani masiku ena shati imanyowa msanga chonsecho dzuwa silikuwomba kwambiri?

Thupi limadziziziritsa ndi thukuta, koma thukutalo limathandiza pokhapokha likauma. Likamauma limachotsa kutentha pakhungu, monga mmene mumamvera kuzizira mukatuluka m'madzi kamphepo kakuwomba. Mpweya ukakhala wouma, thukuta limauma litangotuluka, mwina osalizindikira n'komwe. Koma tsiku la chinyezi mpweya umakhala utakhuta kale madzi, ndiye sulandiranso ambiri. Thukuta limangokhala pakhungu, thupi silizizira, ndipo poona kuti silinazizire limatulutsanso lina. Lotsalalo ndi limene limayenderera pamsana n'kulowa m'nsalu.

Choncho chovala cha tsiku lotere chili ndi ntchito imodzi yaikulu, yolola mphepo kudutsa pakati pa nsalu ndi khungu. Mpweya umene wagundana ndi khungu ndi umene umakhuta msanga. Ukachoka n'kubwera wina, ngakhale wachinyezi, thukuta limayambanso kuuma pang'onopang'ono. Mayankho ambiri ali m'munsimu akuchokera pamfundo imeneyi.

Ndiye ndingovala za thonje basi, si choncho?

Thonje ndi labwino, koma anthu amalitamanda mopitirira. Ulusi wa thonje umamwa chinyontho chokwana pafupifupi maperesenti 8 a kulemera kwake popanda nsalu kumveka yonyowa. Lineni amafika cha pa 12, ubweya wa nkhosa umapitirira pamenepo, pamene poliyesita safika ngakhale peresenti imodzi. N'chifukwa chake shati ya thonje imakoma kuvala mukangotuluka thukuta pang'ono, ya poliyesita imayamba kumata nthawi yomweyo.

Tsono taonani masamu ake. Tinene kuti shati yanu ikulemera magalamu 200. Ngati ndi ya thonje, ulusi wake ubisa magalamu pafupifupi 16 a madzi. Munthu woyenda mwandawala kunja kukutentha akhoza kutulutsa thukuta lokwana theka la lita pa ola limodzi, kutanthauza magalamu oposa 150 pa ulendo wa mphindi 20. Palibe nsalu imene ingamwe zonsezo n'kukhalabe yooneka youma. Thonje likakhuta limalemera, limamata pakhungu, timipata ta nsalu timatsekeka ndi madzi, ndipo limachedwa kuuma. Shati ya thonje yochindikala ikanyowa m'mawa tsiku la chinyezi, mudzakhala nayo yonyowa mpaka masana.

Ineyo ndimaona kuti funso loti "ndi ya thonje kodi?" liyenera kubwera lachiwiri. Loyamba likhale loti, mphepo ikudutsa?

Ndingadziwe bwanji kuti nsalu imadutsa mphepo ndisanagule?

Pali njira zitatu zosafuna chipangizo chilichonse. Yoyamba, kwezani nsaluyo kumene kukuchokera kuwala. Mukaona kuwala kukudutsa m'timipata ting'onoting'ono pakati pa ulusi, mphepo idutsanso. Ikakhala bii ngati chikopa, isiyeni, ngakhale lebulo italemba kuti ndi thonje lokhalokha. Yachiwiri, iikeni pafupi ndi pakamwa n'kuuzira, dzanja lili kuseri. Mpweya uzimveka pachikhatho musanachite kukakamiza. Yachitatu ndi ya makwinya: fumbatani nsaluyo mwamphamvu kwa kanthawi kochepa, kenako tambasulani dzanja. Ina imabwerera yokha, ina imatsala ngati pepala lofwanyidwa, ndipo mmene yaonekera m'dzanja mwanu ndi mmene idzaonekere kumsana mukakhala pampando maola atatu.

Kalukidwe kamasiyanitsa kwambiri nsalu za ulusi umodzimodzi. Nsalu imene ulusi wake umangopingasana umodzi pamwamba umodzi pansi, monga popilini wopepuka, kawirikawiri imadutsa mphepo kuposa ija yokhala ndi timizere topendekera ngati ta jinzi, imene amailuka mothithikana. Pali inanso imene amailuka dala kuti ikhale ndi timizere tokwinyika. Imeneyi sigona yonse pakhungu, ndipo safuna kuisita, chifukwa makwinya ake ndiwo maonekedwe ake.

Ogulitsa ena amalemba kulemera kwa nsalu m'magalamu pa sikweya mita. Ya shati kapena bulauzi ya nyengo yotentha imakhala cha pakati pa 100 ndi 140. Ya thalauza kapena siketi imafunika yolemerako, cha pa 200 mpaka 250, kuti izigwa bwino komanso isaonetse zamkati.

Lineni amazizira bwino koma amakwinyika ndisanafike n'komwe kuntchito. Pali chochita?

Lineni amakwinyika chifukwa ulusi wake ndi wolimba ndipo sutamuka, ukapindika subwerera. Kulimba komweko ndi kumene kumachititsa kuti asamate pakhungu ngakhale mutatuluka thukuta. Ndiye simungapeze chimodzi n'kukana chinzake.

Chimene mungachite ndi kuchepetsa. Lineni wosakaniza ndi thonje, pafupifupi theka ndi theka, amakwinyika mofewa ndipo amaonekabe waudongo madzulo. Lineni wolemerako amachita makwinya akuluakulu ochepa, pamene wopyapyala kwambiri amachita ang'onoang'ono paliponse. Ganiziraninso malo ake pathupi. Makwinya amabadwa popindika, pachigongono, kuseri kwa bondo ndi pamphechepeche. Munthu wogwira ntchito atakhala pansi angavale lineni kumtunda, kumunsi n'kuvala nsalu yobwerera yokha. Woimirira tsiku lonse thalauza la lineni limamukhala bwino ndithu.

Posita, lineni amafuna simbi yotentha kwambiri ndipo nsalu ikhale yonyowako. Akauma gwaa, mungasite mpaka dzanja kutopa koma makwinya sachoka.

Nanga visikosi, ndi izi amati nsalu za nsungwi?

Visikosi amapangidwa kuchokera ku zamkati mwa mitengo, ndipo nsalu zambiri zotchedwa za nsungwi ndi visikosi yemweyo wopangidwa kuchokera ku nsungwi. Ndi wofewa, amamveka wozizira pakhungu, amagwa bwino, ndipo madiresi ndi mabulauzi ambiri otakasuka ndi a nsalu imeneyi. Vuto lake ndi madzi. Akanyowa amafooka, amatha kufupika pochapa, ndipo akakhala wa mtundu umodzi wopanda maluwa, dontho lililonse la thukuta limaoneka. Sankhani wa maluwa kapena mizere, chapani ndi madzi ozizira, ndipo musamupotokole mwamphamvu pofinya.

Yunifolomu yathu ndi ya poliyesita ndipo sindingasinthe. Ikumanunkha pofika masana ngakhale ndasamba bwino. Vuto ndi ine?

Nthawi zambiri vuto si inu. Thukuta likamatuluka silinunkha. M'khwapa muli tiziwalo tina totulutsa thukuta losakanikirana ndi mafuta, ndipo mabakiteriya a pakhungu akamadya zimenezi ndi pamene fungo limayamba. Poliyesita sakonda madzi koma amakonda mafuta, ndiye amawagwira n'kuwasunga, ngakhale mutachapa. Mu 2014 akatswiri a pa Yunivesite ya Ghent ku Belgium anayerekeza malaya a thonje ndi a poliyesita amene anthu anavala pochita masewera olimbitsa thupi, ndipo a poliyesita ndi amene ananunkha kwambiri.

Chizindikiro choti fungo lili m'nsalu ndi ichi: yunifolomu imanunkhira sopo ikamachoka pachingwe, koma ikangotenthedwa ndi thupi kwa ola limodzi, kapena simbi ikangodutsa m'khwapa mwake, fungo ladzulo limadzuka. Zikatero musawonjezere pafyumu, mungosakaniza fungo ziwiri.

Itembenuzeni kunja kukhale mkati, pakani sopo m'khwapa ndi pakolala, isiyeni kwa theka la ola, kenako chapani ndi madzi ofunda mpaka pamlingo umene lebulo yalola. Siyani mankhwala ofewetsa zovala aja. Amasiya kamafuta pa ulusi kamene kamatsekera fungo mkati. Musaiponye m'dengu ili yonyowa ndi thukuta, iyanikeni kaye iume ngati simuchapa tsiku lomwelo. Ndipo valani vesiti mkati, kuti mafuta a thupi azithera m'vesitimo asanafike pa yunifolomu.

Poliyesita yense si woipa. Uja wa zovala zamasewera amamuluka mwa timabowo ndipo amafalitsa thukuta kuti liume msanga. Wosautsa ndi uja wothithikana, wonyezimira, wosadutsa mphepo. Ngati kuntchito kwanu akufuna kusoketsa mayunifolomu atsopano, ndi bwino kupempha kuti muone nsaluyo kaye n'kuiyesa pakuwala.

Vesiti yamkati? Kuwonjezera chovala china kunja kukutentha kale?

Ndikumvetsa kukayikako. Zoona zake, vesiti imawonjezera kutentha pang'ono. Phindu lake si kuzizira koma ukhondo wa chovala chakunja: imalandira thukuta, imalifalitsa pamalo aakulu, ndipo shati simata pamsana. Munthu wotuluka thukuta lochepa, wovala lineni wotakasuka, akhoza kuisiya. Wotuluka thukuta lambiri amene amaima pamaso pa makasitomala tsiku lonse, imamuthandiza kwabasi.

Koma ikhale vesiti yoyenera. Yopanda manja ija imasiya m'khwapa poyera, pamalo pomwe mukufuna kuteteza. Pezani ya timanja tatifupi, yopyapyala, yogwira thupi osati yokhwepa, ya khosi lotsika kuti isasuzumire mukamasula batani lam'mwamba. Pansi pa shati yoyera, vesiti yoyera imaonekera kwambiri, makamaka pakhungu lakuda, chifukwa malire ake amajambulika pamkono ndi pakhosi. Ya mtundu woyandikira khungu lanu, kapena yotuwa, imabisika bwino.

Ubwino wina ndi wakuti vesiti imapindika n'kukwana m'kachikwama. Kusintha vesiti masana kumatenga mphindi ziwiri ndipo kumamveka ngati mwasambanso.

Ndi mitundu iti imene imabisa thukuta?

Nsalu ikanyowa imaderapo, ndiye mitundu yapakatikati ndi imene imaulula kwambiri: yotuwa ngati phulusa, buluu wowala, khaki, pinki. Yoyera sisintha kwenikweni, kungoti ikakhala yopyapyala imaonetsa zamkati ikanyowa. Yakuda ndi buluu woderatu zimabisa kunyowa, koma thukuta likauma limasiya mizere yoyera ya mchere, komanso padzuwa zimatentha. Kwa wogwira ntchito m'nyumba zoti zakuda zimakoka dzuwa zilibe kanthu kwenikweni. Zimene zimabisa koposa ndi nsalu za timizere, timabokosi kapena maluwa ang'onoang'ono, chifukwa diso silipeza pamene banga layambira.

Musanagule zambiri za mtundu umodzi, donthezerani madzi pang'ono mkati mwa mpendero wa chimodzi. Muona nokha kusiyana kwake, komanso nthawi imene chimatenga kuti chiume.

Zokhwepa zimazizira, koma ndimaoneka ngati ndabwereka. Malire ake ali pati?

Chovala chimaoneka chanu chikakhala bwino pamalo atatu: pamapewa, pakhosi ndi m'chiuno. Msoko wa phewa uthere pamene phewa lanu lathera. Pakolala, batani litamangidwa, pazilowa zala ziwiri. Malo amenewa akakhala bwino, kwina konseko kukhoza kutakasuka osaoneka ngati thumba. Pachifuwa ndi pamimba muzitha kutsina nsalu pang'ono mbali zonse, ndipo mabatani asamakokane mukakhala pansi.

Yang'anitsitsani m'khwapa. Mkono wa chovala ukathina n'kumagunda m'khwapa momwemo, banga la thukuta limabwera msanga ndipo limakula. Kumsana, timapinda tiwiri kapena kamodzi pakati timapereka mpata woti mphepo iziyenda mukamagwira ntchito. Telala angathe kuchepetsa m'mbali mwa shati yaikulu, koma sangathe kuwonjezera nsalu m'khwapa mwa shati yaing'ono, choncho mukakayika tengani yokulirapo.

Kwa amayi, diresi losamanga m'chiuno limaposa siketi ndi bulauzi yopisira, chifukwa mphepo imalowa kumunsi n'kutulukira kukhosi popanda lamba woitsekereza. Kumene malamulo amalola, shati yodulidwa mowongoka kumunsi, yosokedwa kuti izivalidwa osapisira, imachitanso chimodzimodzi kwa abambo. Koma shati ya mchira wautali ikasiyidwa kunja imangooneka kuti mwaiwala kupisira.

Kuntchito kwathu jekete ndi tayi n'zokakamiza. Ndipulumuka bwanji?

Tembenuzani jekete lanu muone mkati. Nthawi zambiri chotentha si nsalu yakunja koma layiningi, imene pa majekete ambiri ndi poliyesita wothithikana kuyambira pamapewa mpaka pansi. Zili ngati mwavala pulasitiki pansi pa nsalu yabwino. Jekete la nyengo yotentha limakhala ndi layiningi ya theka, kumapewa ndi m'manja mokha, kapena lilibiretu kumsana. Telala waluso angathe kuchotsa layiningi yakumsana n'kukongoletsa misoko yotsalayo, kapena kuikapo ya visikosi. Masiketi ndi madiresi a layiningi ali ndi vuto lomweli.

Anthu ambiri amadabwa akamva kuti ubweya wa nkhosa ndi wabwino pa suti ya nyengo yotentha. Si uja wa majuzi ayi. Pali wopepuka, wa ulusi wopotedwa kwambiri, wolukidwa mwa timipata. Umadutsa mphepo, umamwa chinyontho osamveka wonyowa, suchedwa kubwerera ukakwinyika, ndipo sugwira fungo msanga. Thalauza lotere mukalipachika usiku, m'mawa makwinya ambiri amakhala atachoka okha.

Ndipo jekete si loyenda nalo panjira. Ngati n'kotheka lizigonera kuntchito pa hang'ala yotakata, muzilivala mukafika. Tayi nayonso imangidwe thupi litazizira. Thukuta likalowa pa mfundo ya tayi ya silika, banga lake limavuta kuchotsa.

Ndimayenda mphindi 20 kupita kuntchito, ndimafika nditanyowa, kenako ndimaima pakauntala maola 8. Ndiyambire pati?

Tiyeni tilitsate tsiku lanulo kuyambira usiku wadzulo lake.

Musanagone, m'khwapa muli mouma, pakani mankhwala oletsa thukuta. Chifukwa chake ndafotokoza pa funso lotsatira. Sitani shati usiku womwewo n'kuipachika. Shati yongochoka pa simbi imakhala yofunda komanso yachinyontho, ndipo mukaivala pompo imakwinyika nthawi yomweyo, kuwonjezera pa thukuta limene mwatuluka posita.

M'mawa sambani madzi osatentha kwambiri, dzipukuteni mokwanira, ndipo dikirani mphindi zingapo musanavale. Ulendowo muyende mutavala sikipa yopepuka, shati yantchito ili m'chikwama. Kuti isakwinyike, mangani mabatani, pindani manja kumbuyo, ipindeni kamodzi kapena kawiri mosafinya, ndipo ikhale pamwamba pa katundu yense. Chikwama chakumsana chimatseka malo aakulu kwambiri amene thupi limaziziritsira, ndiye chinyamuleni paphewa limodzi kapena m'manja.

Nyamukani mofulumirako ndi mphindi 15. Zisanu mwa izo ndi zoti muyende modekha m'malo mothamanga, khumi zinazo ndi zoti thupi lizizire mukafika. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Munthu akasiya kuyenda thukuta silileka pompo. Limapitirira kwa kanthawi, ndipo limaoneka lambiri chifukwa kamphepo kapanjira katha. Mukasintha mutangofika, shati yoyera ija inyowa musanafike pakauntala. Khalani kaye pafupi ndi fani, imwani madzi ozizira, tsirani madzi kumaso, m'khosi ndi m'mikono. Mukaona kuti pamphumi pauma, pukutani m'khwapa ndi kumsana ndi kansalu konyowa, kenako kouma, ndiye muvale vesiti ndi shati. Sikipa yonyowayo musaitsekere m'pulasitiki tsiku lonse. Ipachikeni penapake iume, mudzabwerera nayo madzulo.

Masana sinthani vesiti, ndipo ngati mapazi amanyowa sinthaninso sokosi. M'kabati yanu muzikhala shati imodzi yapadera imene simuigwira pokhapokha zinthu zitavuta.

Tikawerenga zovala, pa masiku asanu a ntchito ndi kuchapa kawiri pa sabata mukufunika mashati anayi, imodzi mwa izo yogonera kuntchito, mavesiti asanu ndi limodzi, masikipa atatu oyendera, mathalauza awiri kapena atatu osinthanitsa, ndi nsapato mapeyala awiri. Ngati simungathe kupeza zonsezi nthawi imodzi, yambani ndi mavesiti ndi sokosi. Ndi zimene zimasintha zinthu kwambiri.

Rolo-oni wanga sakuthandiza, ndipo m'khwapa mwa mashati oyera mwasanduka chikasu.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Diyodoranti amalimbana ndi fungo lokha. Mankhwala oletsa thukuta ali ndi mchere wa aluminiyamu umene umatseka kwa kanthawi timabowo totulukira thukuta. Werengani pa botolo kuti mudziwe chimene muli nacho. Oletsa thukutawo amagwira bwino akapakidwa usiku pakhungu louma, chifukwa nthawi imeneyo thukuta limakhala lochepa ndipo mankhwala amapeza mpata wolowa. Kusamba m'mawa sikuwachotsa mphamvu. Mukapaka m'mawa pakhungu lonyowa kale, ambiri amangothera pa shati. Musapake pamene mwangometa kumene, pamawawa.

Chikasucho chimabwera aluminiyamu akasakanikirana ndi thukuta ndi mafuta a thupi m'nsalu. Pakani ochepa ndipo aume musanavale. Pochotsa banga, bulichi wa kolorini amatha kulideretsa m'malo moliyeretsa. Nyikani m'madzi ofunda okhala ndi bulichi wa okosijeni, kapena pakani phala la soda ndi madzi n'kusiya kwa ola limodzi musanachape. Musasite banga lisanachoke, kutentha kumalikhazikitsa.

Ngati thukuta likuchita kudontha m'manja kapena m'khwapa ngakhale kunja kuli kozizira, kapena layamba mwadzidzidzi kukunyowetsani usiku, nkhani si ya zovalanso. Kaonaneni ndi dokotala.

Ntchafu zikukhulana, ndipo pansi pa lamba ndi pansi pa kamisolo patuluka tizidzolo toyabwa.

Khungu lonyowa silipirira kukhulidwa. Pansi pa siketi kapena diresi valani kabudula wamkati wopyapyala wofika pakati pa ntchafu, wa misoko yosatukuka, kuti nsalu izikhulana ndi nsalu inzake. Mafuta a vaselini opaka pang'ono amathandizanso, kungoti amadetsa nsalu zowala.

Tizidzolo tija timabwera timabowo ta thukuta tikatsekeka pamalo pamene nsalu yafinya khungu. Masulani lamba bowo limodzi, sinthanitsani makamisolo kuti aliyense aume bwino asanavalidwenso, ndipo aja a siponji yochindikala muwasunge masiku ozizira. Pamalo pamene patuluka kale musapake mafuta olemera. Pamafuna kusambitsidwa, kuumitsidwa ndi kupitidwa mphepo. Pakayamba mafinya, kapena m'mapindo a khungu mukafiira n'kumanyowa osachira, pitani kuchipatala, chifukwa mwina ndi mafangasi.

Nsapato zotseka ndi lamulo. Mapazi ndiwatani?

Nsapato imene mwavala tsiku lonse imafuna tsiku lathunthu kuti iume mkati. Mukaivalanso m'mawa mwake ili yonyowa, fungo ndi mafangasi a pakati pa zala zimapeza pokhala. Choncho mapeyala awiri osinthanitsa amaposa peyala imodzi yabwino kwambiri. Mukavula, masulani zingwe, tulutsani kansalu kopondapo kamkati, ndipo ziikeni podutsa mphepo. Mapepala a nyuzi ofwanya amakoka chinyontho usiku.

Chikopa chenicheni ndi nsalu zimatulutsa chinyontho, chikopa chapulasitiki chimatsekera. Musavale nsapato yotseka popanda sokosi. Sokosi za thonje zochindikala zimakhuta n'kukhala zonyowa; zopyapyala za ubweya wa nkhosa kapena zosakaniza zouma msanga zimachita bwino. Popeza mapazi amatupako madzulo, nsapato yatsopano muziiyesa nthawi imeneyo.

Kunja kuli ng'anjo, mu ofesi eyakoni ikuzizira ngati m'firiji.

Valani za kunja, kuzizirako mukuthetse ndi juzi yopepuka yamabatani kapena jekete logonera kuntchito. Chachikulu n'choti musalowe m'chipinda chozizira n'kukhala pansi ndi chovala chonyowa, chifukwa thukuta lija liyamba kuuma mofulumira ndipo mumva kuzizira kwambiri kuposa anzanu.

Zochapa sizikuuma, ndipo zikununkha chuku.

Fungo limenelo limabwera chovala chikakhala chonyowa nthawi yaitali. Chofunika si kutentha kokha koma mphepo. Finyani mokwanira, shati yofunika mawa ikulungeni m'thawulo louma n'kupondereza kuti madzi ambiri atsale m'thawulomo. Yanikani pa hang'ala, zovala zitatalikirana, matumba a thalauza atatulutsidwa, ndipo ngati muli m'nyumba lozetsani fani. Musanapinde gwirani pakolala, m'chiuno mwa thalauza ndi m'misoko, chifukwa m'menemo ndi momalizira kuuma. Kabati yothithikana nayo imabala chuku. Siyani mipata ndipo muzitsekula chitseko nthawi zina.

Posita, tsatirani timadontho ta pa chithunzi cha simbi pa lebulo. Kamodzi ndi madigiri pafupifupi 110, tiwiri pafupifupi 150, titatu pafupifupi 200. Thonje ndi lineni zimapirira titatu, koma poliyesita amanyezimira kapena kusungunuka pamenepo. Sitachi ikani pakolala ndi kumapeto kwa manja kokha. Ya shati yonse imamata timipata timene munagulira nsaluyo.

Ndimagwira ntchito kukhitchini, wina kufakitale. Tingapepukitse zovala zodzitetezera?

Ayi. Ovolosi, apuloni, nsapato zachitsulo kutsogolo ndi magolovesi anazipanga kuti zikutetezeni ku moto, mafuta otentha kapena makina, ndipo kudula manja kapena kumasula mabatani kumachotsa chitetezocho. Chimene mungasinthe ndi chamkati: chikhale chopyapyala, ndipo mukhale ndi china chosinthira. Koma pafupi ndi moto kapena ntchito yowotcherera musavale poliyesita kapena nayiloni mkati, ngakhale zija zamasewera zouma msanga, chifukwa zikapsa zimasungunukira pakhungu. Pamenepo thonje ndiye loyenera. Zokhwepa kwambiri nazo ndi zoopsa pafupi ndi makina ozungulira.

Munthu amene wangoyamba ntchito yapamalo otentha, kapena wabwerera kuchokera kutchuthi chachitali, thupi lake limatenga sabata imodzi kapena ziwiri kuti lizolowere, ndipo masiku amenewo ndi ofunika kusamala kwambiri. Mutu ukayamba kuwawa, chizungulire, nseru kapena kukokana kwa minofu, chokani pamalo otenthawo, masulani zovala, imwani madzi ndipo uzani woyang'anira. Mnzanu akayamba kulankhula zosamveka, kusokonezeka kapena kukomoka, itanani thandizo lachipatala mwamsanga, ndipo podikira mum'vule zovala zolemerazo, mum'thire madzi ozizira thupi lonse n'kumamukupiza.